Njira ya Newton: kusaka muzu ndi mzere wa tanjenti, ndi pomwe imakanika

Lero tengani pepala ndi kakyuleta, chifukwa ndikufuna tiwerengere limodzi.

Funso lathu ndi ili: x³ − 2x − 5 = 0. Tikufuna nambala yomwe, tikaiika pa x, yankho likhale ziro. Nambalayo timaitcha muzu. Isaac Newton anagwiritsa ntchito ikwezheni yomweyi mu 1669 posonyeza njira yake.

Choyamba, muzuwu si nambala yathunthu, komanso si fulakishoni. Pakuti x³ ili yokha popanda nambala kutsogolo, muzu wotero ukanayenera kugawa 5 popanda chotsala, ndiye kuti 1, −1, 5 kapena −5. Yesani zonse zinayi, mupeza −6, −4, 110 ndi −120. Palibe ziro. Choncho manambala a muzuwu satha, ndipo chomwe tingathe ndi kuuyandikira basi.

Nanga uli pati? Pa x = 2 tikupeza −1, pa x = 3 tikupeza 16. Gilafu yachoka pansi pa ziro n'kukwera pamwamba, ndiye yadutsa ziro penapake pakati pa 2 ndi 3. Tiyambire pa 2, poti −1 ndiye ali pafupi ndi ziro.

Nzeru yake nayi. Gilafu ndi yokhota, koma mukaiyang'ana pafupi kwambiri imaoneka ngati yowongoka. Ndiye pamalo pomwe taima timajambula mzere wowongoka wongokhudza gilafuyo, womwe ndi tanjenti, n'kuutsata mpaka pomwe wafika pa ziro. Pamenepo timaimanso, n'kubwereza. Polemba zimakhala chonchi:

x yatsopano = x − f(x) / f′(x)

Apa f′(x) ndi kupendekeka kwa gilafu, ndipo pa ikwezheni yathu ndi 3x² − 2.

Pa 2, f ndi −1 ndipo kupendekeka ndi 10. Ndiye 2 − (−1/10) = 2.1. Tibwereze. Pa 2.1, f ndi 0.061, kupendekeka ndi 11.23. Tikagawa tipeza 0.005432, ndipo tikachotsa pa 2.1 titsala ndi 2.094568. Ulendo wachitatu ukutipatsa 2.09455148.

Mwaona liwiro lake? Poyamba tinaphonya ndi pafupifupi 0.09, kenako 0.005, kenako 0.00002. Zikamayenda bwino, manambala olondola amachuluka pafupifupi kawiri ulendo uliwonse.

Komatu liwiro limeneli lisatinamize. Tanjenti imangodziwa za pamalo pomwe yakhudza. Za kutsogolo sidziwa kanthu.

Vuto loyamba limabwera gilafu ikagona. Pa ikwezheni yomweyi, yambirani pa 0.8. Pamenepo f ndi −6.088, koma kupendekeka ndi −0.08 chabe. Kugawa ndi kanambala kakang'ono chonchi kumabala chinambala chachikulu, 76.1, ndipo mukupezeka mwaponyedwa ku −75.3, kutalitali ndi muzu. Kupendekeka kukakhala ziro yeniyeni, tanjenti sifika n'komwe pa ziro, ndipo kakyuleta imakana kugawa.

Vuto lachiwiri ndi lobisika kuposa pamenepo. Tisinthe nambala imodzi yokha: x³ − 2x + 2 = 0. Yambirani pa 0. Apa f ndi 2, kupendekeka ndi −2, ndiye tikufika pa 1. Pa 1, f ndi 1, kupendekeka ndi 1, ndiye tikubwerera pa 0. Kenako 1, kenako 0, mpaka kalekale. Palibe chomwe mwalakwitsa powerengera, ndipo kompyuta singadandaule. Ingozungulira. Chifukwa chake n'chakuti pakati pa 0 ndi 1 gilafu ili ndi chigwa chomwe sichifika pa ziro, ndipo matanjenti awiriwa akungokuponyerana uku ndi uku pamwamba pa chigwacho.

Muzu weniweni uli mbali ina. Pa −2 tikupeza −2, pa −1 tikupeza 3. Mukayambira pa −2 mufika pa −1.8, kenako −1.76995, ndipo posakhalitsa −1.76929.

Ndiye ine ndimachita chonchi. Ndisanayambe, ndimapeza manambala awiri omwe f ili pansi pa ziro pa imodzi, pamwamba pa inayo. Umenewo ndi mpanda wanga. Ulendo uliwonse ndimaona ngati x yatsopano ikadali mumpandamo, komanso ngati f ikuyandikira ziro. Ikatuluka, kapena nambala yakale ikabweranso, ndimasiya tanjenti, n'kutenga nambala ya pakatikati pa mpanda, n'kuuchepetsa ndi theka. Kutero kumachedwa, koma muzu suthawa.

Pomaliza ndimatsimikiza. Pa ikwezheni yoyamba ija, f pa 2.0945 ili pansi pa ziro, pa 2.0946 ili pamwamba. Muzu uli pakati pamenepo, popanda kukayika.

Ntchito ya kunyumba: yesani x³ − 2x + 2 = 0 kuyambira pa 0.1, muone ngati muthawe kuzungulira kuja. Tikumanenso sabata yamawa.