Risiti Ikasowa, Kalata Iyankhule Zonse

“Bwana, za ku Dedza zija sizinalowe, risiti ya minibasi ndilibe.” Mauthenga otere amafika kwa akauntanti tsiku lililonse, ndipo ambiri amangogona m'foni. Akauntanti sangalipire “zija”. Afuna tsiku, malo, chifukwa cha ulendo ndi ndalama yake, poti naye adzafunsidwa ndi ofufuza mabuku.

Wogwira ntchito wochenjera amaulembanso chonchi: “Ndikupempha kubwezeredwa K38,000 yomwe ndinagwiritsa ntchito pa ulendo wa ku msonkhano ku Dedza pa 14 Meyi. Malo ogona K30,000, risiti ndaphatikiza. Minibasi kuchokera ku Lilongwe, kupita ndi kubwera, K8,000.”

Povuta ndi pa minibasipo. Makondakitala sapereka risiti kawirikawiri, choncho kalata inene zimenezo poyera, itchule mtengo wa ulendo umodzi, ndipo mkulu amene anatuma munthuyo asainire. Risiti ya malo ogona ikatayika, ndi bwino kubwerera komweko kukapempha ina, chifukwa buku lawo limasunga kope. Kulemba risiti yabodza ndiye ayi; anthu amachotsedwa nazo ntchito.