Nkhani ya matenda anu ikatuluka mu ofesi, dandaulo mulilemba bwanji?

Mayi wina amene amagwira ntchito mu ofesi ya zachuma pa kampani ina ku Blantyre anabwerera kuntchito atadwala masabata awiri. Nthawi ya tiyi, mnzake wa mu dipatimenti ina anamugwira dzanja n'kumunong'oneza kuti: "Achemwali, musadandaule, mankhwalawo masiku ano akuthandiza. Mlamu wanga naye akumwa omwewo." Mnzakeyo analankhula mwachifundo ndithu. Koma mayiyu anazizidwa m'thupi, chifukwa zoti anamupeza ndi kachilombo ka HIV anali atauza mwamuna wake yekha, ndipo pa kampanipo zinalembedwa malo amodzi okha: m'kalata ya dokotala imene anaipereka ku ofesi yoona za antchito.

Kalata imeneyo sanaipereke mwakufuna kwake. Lamulo la za ntchito la 2000, m'gawo 46, limapatsa munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 yotsatizana tchuthi cha matenda cha masabata anayi pa malipiro onse ndi masabata ena asanu ndi atatu pa theka la malipiro, koma bwana ali ndi ufulu wofuna kalata ya dokotala wovomerezeka. Apa m'pamene za matenda a munthu zimalowera pa kampani. Kalatayo imachoka m'manja mwa mwiniwake n'kupita kwa kapitawo kuti asayine, mesenjala n'kuinyamula ili pambalambanda yopanda envulopu, kalaliki n'kuichita fotokope, mwina n'kuiwala tsamba pa makinapo. Mafomu obwezera ndalama za kuchipatala nawonso amayenda njira yomweyi, ali ndi mayina a mankhwala. Munthu wodziwa kuwerenga dzina la mankhwala safunikanso kuuzidwa matendawo.

Munthu zikamuchitikira zotere, mtima umathamangira kwa amene wamulankhula uja. Ambiri amalemba dandaulo lonena kuti akutiakuti ndi amiseche, ndipo ofesi yoona za antchito imasangalala ndi dandaulo lotero, chifukwa ndi losavuta: aitana awiriwo, wina apepesa, nkhani yatha. Ine ndikuona kuti kumeneko n'kuphonya. Mnzanuyo anangotola zimene wina anagwetsa. Dandaulo liyenera kulunjika pa njira imene nkhaniyo inadzera, ndi pa munthu amene anapatsidwa udindo woisunga.

Mayi uja anachita bwino chinthu chimodzi asanakwiye. Anafunsa mnzakeyo modekha kuti, "Mwamva kwa ndani, achemwali?" Yankho linali lakuti kalaliki wa ku ofesi ija anazitchula m'basi ya antchito Lachinayi madzulo, pali anthu ena awiri. Madzulo omwewo mayiyu analemba m'kope lake tsiku, nthawi, malo, mawu enieni amene ananenedwa ndi mayina a amene analipo. Analembanso tsiku limene anapereka kalata ya dokotala ndi munthu amene anailandira. Zimenezi n'zofunika kuzilemba tsiku lomwelo, chifukwa pakatha sabata mnzanu wachifundo uja amayamba kuopa, n'kumati sakukumbukira bwino. Ngati nkhaniyo inayenda pa WhatsApp, jambulani uthengawo usanafufutidwe, dzina la wotumiza ndi nthawi zikuoneka, ndipo musunge pa foni yanu, osati pa kompyuta ya kampani.

Kalata ya dandauloyo ikhale yaifupi, tsamba limodzi, ndipo musatchulemo dzina la matenda. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa. Amalongosola matenda awo onse pofuna kusonyeza kupwetekedwa kwawo, osadziwa kuti dandaulolo liwerengedwa ndi komiti ya anthu anayi kapena asanu amene mwina sankadziwa kanthu. Mayiyu anangolemba kuti: "Pa 3 Juni ndinapereka kalata ya dokotala ku ofesi yanu. Pa 17 Juni wantchito mnzanga amene ntchito yake siikhudza mafayilo anandiuza zimene zili m'kalatayo, ndipo anatchula amene anamuuza. Sindinapereke chilolezo kwa wina aliyense kuti aulule za umoyo wanga." Kenako anapempha zinthu zooneka ndi maso: kuti amuuze mayina a onse amene anagwira fayilo yake, kuti kalata ya dokotala ichotsedwe mu fayilo wamba n'kusungidwa motsekera, kuti amene anaulula afunsidwe motsatira malamulo a kampani, komanso kuti ayankhidwe polemba pasanathe masiku 14. Masiku 14 amenewa sali m'lamulo lililonse, anadziikira yekha, koma kalata yopanda tsiku imagona m'dirowa mpaka chaka. Kampani yanu ikakhala ndi buku la malamulo a ntchito lonena masiku oyankhira madandaulo, tchulani masiku amenewo.

Vuto lalikulu pa nkhani yake linali lakuti wolakwayo anali wa mu ofesi yomweyo imene imalandira madandaulo. Choncho sanapereke kalatayo pa kauntala. Anaiika mu envulopu yomata, n'kulemba dzina la mkulu wa ofesiyo, n'kukampatsa pamanja, ndipo anapempha kuti amudindire ndi kumusayinira pa kope yake. Zikanakhala kuti woululayo ndi mkuluyo, kalatayo ikanapita kwa bwana wamkulu wa kampani. Ataitanidwa kuti akafotokoze, anapita ndi nthumwi ya bungwe la antchito, ndipo atafunsidwa kuti matendawo ndi otani anayankha kuti, "Bwana, nkhani imene ndabwerera ndi ya fayilo yanga." Anachita bwino, pakuti funso limenelo silinali loyenera kufunsidwa.

Malamulo ali kumbali ya wodandaula, ndipo kuwatchula m'kalata kumasintha mmene akuyankhireni. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi. Lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za munthu amene ali ndi kachilomboka popanda chilolezo chake, ndiponso limaletsa kumusala pa ntchito. Kwa amene matenda awo ndi ena, monga khansa, khunyu kapena matenda a maganizo, pali lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, limene limaika nkhani za umoyo m'gulu la zinthu zofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo bungwe la MACRA ndi limene limayang'anira lamuloli. Gawo 57 la lamulo la za ntchito limanenanso kuti kudandaula za bwana si chifukwa chochotsera munthu ntchito.

Tisanamizane, dandaulo silibweza mawu amene anatuluka kale. Amene anamva anamva basi, ndipo mayiyu ankakwerabe basi yomweyo ndi anthu omwewo. Kampani ingathenso kukana kukuuzani chilango chimene yapereka kwa wolakwayo. Chimene muyenera kuyang'anitsitsa ndi zimene zikuchitika pambuyo pake: kusinthidwa ntchito mosayembekezera "kuti mupume", kusiyidwa pa maphunziro amene munalembedwa kale, kapena makalata a chenjezo amene akuyamba kubwera chonsecho kale kunalibe. Chilichonse mwa izi chilembeni ndi tsiku lake.

Tsiku limene munaika likadutsa popanda yankho, tengani kope yanu yodindidwa ija mupite nayo ku ofesi ya leba ya m'boma lanu, imene imayamba ndi kuyanjanitsa mbali ziwirizo nkhani isanapite kubwalo la milandu ya za ntchito. Bungwe loona za ufulu wa anthu m'dziko muno nalonso limalandira madandaulo otere. Ngati kafukufuku wasonyeza kuti nkhaniyo inachokera ku kiliniki ya kampani, dokotala amakamusumira ku khonsolo ya madokotala, namwino ku khonsolo ya anamwino ndi azamba. Koma musasiye ntchito mwaukali musanafunse uphungu, ndipo ngati akuchotsani, musadikire: dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo liyenera kufika ku ofesi ya leba pasanathe miyezi itatu.