Lipoti lapita kwa madona, koma K600,000 ili kuti?

Ndikapatsidwa lipoti la ndalama za thandizo kuti ndiliunike, sindiyambira pa lipotilo. Ndimayamba ndapempha sitetimenti ya ku banki, chifukwa lipoti amalemba ndi mwiniwake wa bungwe, pomwe sitetimenti imachokera kwa munthu wapadera amene alibe chobisa.

Tiyerekeze kuti bungwe lophunzitsa alimi lalandira K20,000,000 ngati gawo loyamba la thandizo, ndipo mu akaunti munalibe kanthu. Pakutha pa miyezi itatu, lipoti likuti malipiro a ogwira ntchito atenga K6,000,000, maphunziro a alimi K8,500,000, mafuta a galimoto K3,000,000. Wonkhetsani mizere itatuyi ndi dzanja lanu, musangokhulupirira nambala yapansi, poti wolemba akawonjezera mzere watsopano pakompyuta, nthawi zina suwerengedwa nawo. Zonse pamodzi ndi K17,500,000. Tikachotsa pa zomwe zidalowa, ku banki kuyenera kutsala K2,500,000. Koma sitetimenti ikuonetsa K1,900,000.

Apatu ndi pamene anthu ena amathamangira kunena kuti wina waba. Dekhani kaye. Tengani buku la ndalama zolowa ndi zotuluka, muliyike pambali pa sitetimenti, nkumachonga ndalama iliyonse yopezeka konsekonse. Zosachongedwazo ndizo zikuuzeni nkhani. M'chitsanzo chathu, K50,000 ndi zomwe banki idadula pa ntchito zake, koma palibe adazilemba m'buku. K550,000 idaperekedwa kwa mlangizi kuti akachititse maphunziro kumudzi, ndipo sadabweretsebe malisiti.

Ndalama ya mlangiziyi ndiyo imandidetsa nkhawa. Yatuluka ku banki, inde, koma siinganenedwe kuti yagwira ntchito kufikira atabweretsa malisiti, mayina a alimi omwe adabwera ndi kusayina, komanso chenji ngati chilipo. Pakadali pano ndi ngongole ya mlangiziyo, ndipo lipoti liyenera kuionetsa payokha. Wosunga ndalama amene angoiponya mu mzere wa maphunziro kuti manambala agwirizane wakwirira dzenje ndi udzu, ndipo tsiku lina oditala adzagweramo.

Ngakhale zonse zitagwirizana, yang'ananinso mzere uliwonse ndi bajeti yake. Tinene kuti mafuta adapatsidwa K2,500,000. Ndiye kuti apyola ndi K500,000, omwe ndi 20 peresenti. Madona ambiri amalola kupyola pang'ono, kawirikawiri 10 peresenti, koma mlingo weniweni uli mu mgwirizano womwe mudasayinirana. Kudutsa pamenepo kumafuna chilolezo cholembedwa ndalama isanatuluke. Mawu a pafoni akuti "pitirizani" sathandiza akadzakana ndalamayo nkuti bungwe libweze.

Inu a bodi, mukapatsidwa lipoti kuti musayine, funsani sitetimenti ya mwezi womaliza ndi mndandanda wa onse omwe sadabweze malisiti. Ngati palibe, musasayine.