Kameretsedwe ka mphodza ndi lentilo pakhomo m'madera otentha a m'mbali mwa nyanja

Mayi aliyense amene amafulula thobwa amadziwa kumeretsa chimera: amanyika mawere kapena chimanga m'madzi, n'kuvundikira mpaka timizu titatuluka. Mphodza nazo zimameretsedwa mofananamo, koma pali kusiyana kumodzi. Chimera chimayanikidwa padzuwa n'kusinjidwa, pamene mphodza zomera zimaphikidwa zikadali zaziwisi ngati ndiwo zamasamba. N'chifukwa chake zimafuna ukhondo ndi kutsukuluza pa nthawi yake, makamaka m'madera otentha monga Mangochi, Monkey Bay ndi Makanjira.

Mphodza zikamera zimapsa msanga, choncho nkhuni sizitha zambiri. Zimakhalanso ndi vitamini C amene mu mphodza zouma amakhala wochepa kwambiri, ndipo thupi limatenga ayironi ndi zinki wa m'mbewuyo mosavuta. Ndiwo zimenezi zimathandiza m'miyezi ya Seputembala mpaka Novembala pamene masamba a kudimba amakwera mtengo.

Kusankha mbewu

Gulani mphodza zobiriwira zathunthu zimene zili ndi khungu lake. Lentilo ndi timbewu taphwatalala tofiirira kapena tobiriwira timene timapezeka m'masitolo a m'tauni, ndipo natonso tiyenera kukhala tathunthu. Zogamphula pakati kapena zosenda, zimene amalonda amazitcha dalu, sizimera. Mukaziviika zimangofewa n'kuola.

Funsani wogulitsa ngati mbewuyo inathiridwa mankhwala. Mbewu yobzala imene ili ndi mtundu wofiira, wobiriwira kapena wina uliwonse wa mankhwala siyoyenera kudya ngakhale mutaitsuka. Petani mphodzazo palichero, chotsani miyala, zosweka ndi zofumbwa. Mbewu yoboola anankafumbwe kawirikawiri simera bwino, ndipo ikaola imaononga zinzake zonse.

Madzi ndi ziwiya

Malo ofunda ndi achinyezi amene mbewu imamereramo ndi omwenso tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba timaswana. M'chaka cha 2011 anthu oposa 50 anamwalira ku Ulaya, ambiri a iwo ku Germany, atadya mbewu zomeretsa zosaphika zimene zinali ndi tizilombo ta E. coli. Kuno kwathu, Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri ndi kolera wa mu 2022 ndi 2023. Choncho musatsukuluze ndi madzi ongotunga kunyanja, mu Shire kapena pachitsime chosatetezedwa. Gwiritsani ntchito madzi amene mumamwa: othira kulolini n'kudikira mphindi 30, kapena owiritsa amene azizira. Madzi otentha amapha mbewu.

Pezani botolo kapena chigubu choyera chapakamwa papakulu cha malita awiri, kansalu kopyapyala kochapa bwino, ndi mphira womangira. Sefa yovundikira ndi nsalu imagwiranso ntchito. Tsukani ziwiya ndi sopo, ndipo sambani m'manja nthawi zonse musanagwire mbewu.

Ndondomeko ya nyengo yotentha

Tiyeni titenge kapu imodzi ya mphodza m'mwezi wa Okutobala, pamene masana kutentha ku Mangochi kumapitirira madigiri 30.

Lolemba 8 koloko usiku, tsukani mphodzazo, ziikeni m'chigubu ndipo thirani makapu atatu a madzi. Tayani zoyandama. Mangani kansalu pakamwa pa chigubucho.

Lachiwiri 5 koloko m'mawa, khuthulani madzi onse kudzera pakansalu. Apa mphodza zakhala m'madzi maola 9 ndipo zafufuma pafupifupi kawiri. Musapitirire maola 12, chifukwa mbewu imafuna mpweya, ndipo ikakhalitsa m'madzi ofunda imayamba kusasa. Thirani madzi atsopano, pukusani pang'onopang'ono, khuthulaninso. Kenako pendeketsani chigubucho pakamwa pataloza pansi m'mbale kuti madzi otsala adonthe. Chiikeni pamalo ozizira ndi amdima m'nyumba, monga pafupi ndi mtsuko wa madzi akumwa, kutali ndi moto ndi malata.

Tsukuluzaninso 12 koloko masana ndi 7 koloko madzulo. Pofika madzulowo makungu amakhala atang'ambika ndipo timizu toyera tayamba kuonekera.

Lachitatu chitani chimodzimodzi katatu: m'mawa, masana ndi madzulo. Kutsukuluza kwa masana ndiko kosayenera kudumpha. Mbewu ikamamera imatulutsa kutentha kwakekwake, ndiye pakati pa mulu pamafunda kuposa m'nyumbamo. Madzi amaziziritsa muluwo ndi kuchotsa zonanda zimene tizilombo timadya. Tsiku likatentha kwambiri onjezani kachinayi musanagone.

Lachinayi m'mawa mizu imakhala itatalika masentimita awiri kapena atatu, ngati mfundo imodzi ya chala, ndipo kapu imodzi ija yasanduka makapu atatu kapena anayi. Khuthulirani m'beseni la madzi abwino. Makungu obiriwira amayandama, ndipo mungawayengule ngati simukuwafuna, koma amadyedwa. Tsanulirani musefa kuti madzi akhe.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mphepo ya mwera ikamaomba, kutsukuluza kawiri patsiku, m'mawa ndi madzulo, n'kokwanira, koma kumera kumatenga masiku atatu kapena anayi. Lentilo amatsatira ndondomeko yomweyi, kungoti amakoma muzu ukadali waufupi, pafupifupi sentimita imodzi, ndipo sapirira kutentha ngati mphodza. Musasakanize mbewu ziwirizi m'chigubu chimodzi.

Mungadziwe bwanji kuti zalakwika?

Mphodza zomera bwino zimanunkhira ngati nyemba zaziwisi, ndipo mukathyola muzu umathyoka kuti thwa. Ngati zikununkha chosasa kapena choola, zikunanda m'manja, kapena mizu yasanduka yabulauni ndi yofewa, tayani zonse kudzala la manyowa. Kawirikawiri vuto limakhala madzi otsalira pansi pa chigubu, kudzaza mbewu mopitirira, kapena kudumpha kutsukuluza kwa masana. Tsukani chiwiyacho ndi sopo ndi madzi otentha musanayambenso.

Nthawi zina pamizu pamaoneka tiubweya toyera. Ngati tili pamizu pokha, sitikununkha ndipo tikuzimirira mukathira madzi, ndi timizu tating'ono tofunafuna madzi, kutanthauza kuti mwachedwa kutsukuluza. Chuku chimayanga pambewu ngati ukonde wa kangaude, chimakhala chotuwa, chakuda kapena chobiriwira, ndipo chimanunkha nkhungu. Zachuku sizidyedwa.

Zikamawawa ndipo timasamba tayamba kubiriwira, ndiye kuti zinali powala kapena zakhalitsa. Ngati patsiku lachiwiri theka la mbewu silinamere, mbewuyo ndi yakale. Pozindikira izi musanagule zambiri, ikani njere 20 pakansalu konyowa masiku awiri. Zikamera 17 kapena kuposa, mbewuyo ndi yabwino.

Kuphika ndi kusunga

Kutsukuluza kumachepetsa tizilombo koma sikutipha tonse, chifukwa tina timabisala m'ming'alu ya khungu la mbewu. Chimene chimapha ndi moto. Musadye mphodza kapena lentilo womera wosaphika, ndipo samalani kwambiri pa ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika.

Kazingani anyezi ndi tomato, thirani mphodzazo ndi madzi pang'ono, vundikirani ndipo ziwire mphindi zisanu mpaka khumi. Mungatendere ndi nsinjiro kapena kuphatikiza ndi usipa. Musathire soda, amaononga mavitamini, ndipo ndiwozi zimafewa zokha.

Popanda firiji, phikani tsiku lomwe mwakolola. Mufiriji, zokhetsa bwino madzi zimakhala masiku awiri. Ngati banja likufuna ndiwozi kawirikawiri, ndi bwino kukhala ndi zigubu ziwiri n'kumaviika kapu imodzi masiku awiri alionse, kusiyana ndi kumeretsa zambiri nthawi imodzi.