Mtima ukamagunda mpikisano usanayambe

Pa mpikisano wa mpira wa manja pakati pa sukulu, mtsikana amene amachinya bwino pokonzekera amatha kuphonya ali pansi pa golo penipeni. Manja amachita thukuta, kukamwa kumauma, mpweya umathera m'chifuwa. Si ulesi ayi. Thupi likamva ngati pali choopsa limatulutsa adirenalini, amene amathamangitsa mtima ndi kukungitsa minofu. Mapewa akauma, dzanja silitulutsa mpira mofewa.

Aphunzitsi a masewero ayambire pa kapumidwe, chifukwa ndi kamene mwana angathe kukalamulira. Mtima umachepetsa liwiro pamene munthu akutulutsa mpweya, choncho kutulutsa kuzitalika kuposa kukoka. Mwana akhale pansi, dzanja lina pamimba, lina pachifuwa. Akoke mpweya ndi mphuno akuwerenga mpaka 4, kenako autulutse pakamwa pang'onopang'ono akuwerenga mpaka 6. Akatero amapuma maulendo 6 pa mphindi, ndipo mphindi ziwiri zimakwanira poyambira.

Dzanja la pamimba ndilo liziyenda. Ngati mapewa akukwera, ndiye kuti akupumirabe m'chifuwa. Akamva chizungulire kapena dzanzi m'zala, akukoka mpweya wochuluka. Asiye kaye, apume mwa nthawi zonse. Koma mwana wa mphumu amene chifuwa chikulira akufunika mankhwala ake, osati kuwerenga.

Thupi likakhazikika, atseke maso n'kusewera m'maganizo. Asadzione atanyamula chikho. Aone ntchito yeniyeni: walandira mpira, waponda osasuntha phazi, wotchinga watukula manja patsogolo pake, anthu akukuwa kunja kwa bwalo. Amve kulemera kwa mpira m'zala, apinde mawondo, aponye. Lamulo limamupatsa masekondi 3 okha kuti mpira uchoke m'manja, motero chithunzicho chiziyenda pa liwiro lomwelo. Abwereze kasanu.

Pa ulendo umodzi mwa asanuwo, aphunzitsi amuuze kuti adzione ataphonya. Mpira wagunda chitsulo, adani autenga, iye watulutsa mpweya kamodzi mwautali n'kubwerera pamalo pake. Mwana amene amangoona zopambana amasokonezeka akangophonya koyamba, pamene uyu amadziwa kale chochita. Ngati m'maganizo mwake mpira ukungophonyabe, ayandikire golo m'chithunzicho, kapena aponye mpira weniweni kangapo kenako atsekenso maso.

Cholakwika chachikulu ndi kuphunzitsa zimenezi pa tsiku la mpikisano. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Mwana wogwidwa ndi mantha nayenso sangalandire phunziro latsopano. Zichitike kwa mphindi zisanu pa kukonzekera kulikonse, kwa milungu ingapo, nthawi zina anzake akuimba ndi kukuwa dala. Cholinga si kuthetseratu mantha, pakuti kugunda kwa mtima kumathandizanso mwana kukhala tcheru. Chofunika n'chakuti wezulo ikalira, manja ake azimumverabe.