Sopo watsopano: mwapangira ndani?

Funsani munthu amene wangoyamba kupanga sopo kuti akufuna kugulitsa kwa ndani, ndipo kawirikawiri adzakuuzani kuti kwa aliyense, popeza aliyense amasamba ndi kuchapa. Yankho limeneli ndi limene limasiyitsa sopo wambiri pashelefu mpaka pepala lake kufwifwa. Odziwa zamalonda amayamba ndi ntchito zitatu: kugawa ogula m'magulu, kusankhapo gulu limodzi, ndi kupatsa sopoyo mbiri imodzi yoti gululo lizimudziwa nayo.

Tiyerekeze kuti kampani yaing'ono ya ku Blantyre ikufuna kutulutsa sopo wake woyamba. Pogawa ogula isayang'ane zaka kapena kulemera kokha, iyang'ane chimene munthu amafuna kwa sopo. Pali mtsikana wapantchito m'tauni amene amafuna fungo labwino ndi khungu losalala. Pali mayi wa mwana wakhanda amene nkhawa yake ndi tizilombo toyambitsa matenda. Pali banja lakumudzi limene sopo mmodzi yemweyo amachapira, kusambira ndi kutsukira mbale, ndipo limafuna wosatha msanga. M'gulu lachitatuli muli kagulu kena kamene ambiri sakaona: mabanja a m'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje kumene madzi a pamjigo ndi amchere. M'madzi otere sopo wamba satulutsa thovu bwino, mayi amangopakapaka pachovala, sopo n'kutha zovala zisanayere.

Posankha gulu, funso loyamba ndi lakuti pakhomopo pali kale ndani. Za tizilombo anthu amazidziwa ndi Lifebuoy, za khungu losalala ndi Dove, ndipo kampani yaing'ono ilibe ndalama zolimbana ndi mayina amenewa pawailesi. Koma mayi wa madzi amchere uja ali ndi vuto lenileni, ndipo mankhwala ake alipo: sopo wopangidwa ndi mafuta a kokonati kapena a njere za kanjedza amachita thovu ngakhale madzi ali amchere.

Chifundo chokha sichokwanira, pafunika masamu. Tingoyerekeza kuti sopo mmodzi akudya K600 popanga ndipo akugulitsidwa kwa a holoselo pa K800. Phindu ndi K200. Ngati lendi, malipiro a antchito ndi mafuta a galimoto zikukwana K2,000,000 pamwezi, kampaniyo iyenera kugulitsa sopo 10,000 kuti ingobweza ndalama zake. Banja likamagula awiri pamwezi, pafunika mabanja 5,000 ogula mwezi ndi mwezi. Kodi mabanja otere alipo? Angakwanitse mtengowo? Galimoto ingawafikire kudzera m'misika ya Nchalo, Ngabu ndi Bangula, ngakhale nthawi ya mvula? Limodzi mwa mafunsowa likakanika, gululo lisiyeni, ngakhale likhale lomvetsa chisoni chotani.

Tsopano mbiri ya sopoyo. Iyenera kukhala ya mawu ochepa oti mayi angauze mnzake ali pamzere wa pamjigo: sopo wa thovu ngakhale m'madzi amchere. Apa ndi pamene eni malonda ambiri amalephera kudziletsa. Amafuna kuwonjezera kuti amanunkhira, amapha tizilombo, amasalalitsa khungu, ndi wotchipa. Malonjezo akafika asanu wogula sakumbukira ngakhale limodzi. Ine ndimaona kuti kulimba mtima kosiya zabwino zina zosanenedwa ndiko kovuta kuposa kupanga sopo weniweniyo.

Lonjezo likakhazikika, zina zonse zimalitsatira. Sopoyo akhale wolimba, wotheka kudula zidutswa, chifukwa wa paokala amagulitsa kwa munthu amene ali ndi ndalama ya lero lokha. Pepala lonyezimira silikufunika, lingokweza mtengo. Ndalama yolengezera malonda isapite pachikwangwani chachikulu mumzinda wa Blantyre, kumene ambiri amatunga pampopi. Ipite ku wailesi za m'deralo ndi ku chionetsero cha tsiku la msika: mabeseni awiri a madzi a pamjigo womwewo, sopo wamba uku, watsopano uku, anthu adzionere okha thovu.

Mudzadziwa bwanji kuti zikuyenda? Osati ndi katundu wa mwezi woyamba, pakuti chatsopano anthu amagula pofuna kungoyesa. Yang'anani ngati eni magolosale abweranso kudzaoda kachiwiri ndi kachitatu. Kenako funsani ogula kuti sopoyu ndi wa chiyani. Akamayankha kuti ndi wotchipa, kapena kuti ndi sopo basi, mbiri yanu sinalowe m'mitu mwawo, ndipo tsiku limene wina adzatsitse mtengo adzakusiyani.

Zoopsa zilipo ziwiri. Mafuta aja ambiri amachokera kunja, choncho ndalama zakunja zikasowa mtengo wopangira umakwera, ndipo mwini kampani amakopeka kuti awachepetse mwakachetechete. Akatero thovu limatha, lonjezo limasanduka bodza, ndipo nkhani yake imafala pamjigo pomwe paja. China n'chakuti kampani yaikulu ikaona kuti msikawo uli ndi phindu ikhoza kutulutsa sopo wofanana. Choncho inu amene mukufuna kuyamba malonda a sopo, musanagule chikombole ngakhale chimodzi, pitani kaye kumene anthu amachapira, mukaone madzi ake ndi kumva madandaulo awo.