Makina ojambula akamva "colourful" amakhuthula utoto wonse

Munthu akatuma mwana kumsika kuti akagule "chitenje chokongola", asadabwe mwanayo akabwera ndi cha maluwa ofiira psuu pomwe iye amafuna chovala kumaliro. Mwanayo sanalakwe, wachita zomwe wamva. Ndi mmenenso amachitira mapulogalamu opanga zithunzi kuchokera ku mawu, monga Midjourney ndi Stable Diffusion, omwe anthu wamba anayamba kuwagwiritsa ntchito mu 2022. Ambiri polemba malangizo, omwe eni ntchito amati pulomputi, amangoponyamo liwu lakuti `colourful` n'kukhala chete kudikira zabwino.

Chimatuluka ndi utawaleza. Mapulogalamuwa anaphunzira poona zithunzi mamiliyoni ambiri pamodzi ndi mawu ozifotokoza, ndipo liwu limeneli linkapezeka pansi pa zithunzi za mabaluni, maswiti, maluwa ndi zikondwerero. Choncho makina akalimva amatunga ponseponse, chifukwa silikunena mtundu uti, ukhale pati, kapena uchuluke bwanji.

Tiyerekeze wojambula yemwe akukonza chikwangwani chotsatsa juwisi wa mango. Poyamba walemba chonchi:

```
a woman selling mangoes at a market, colourful
```

Mayi uja amabwera atazingidwa ndi maambulera apinki, mabeseni obiriwira ndi nsalu zamawangamawanga. Mango, omwe ndiwo mwini nkhani, asowa pakati pa phokoso la mitundu.

Okongoletsa m'nyumba ali ndi lamulo lakale lomwe limathandiza apa, la 60-30-10. Mtundu umodzi umatenga magawo 60 pa 100 a malo, wachiwiri 30, ndipo wachitatu, wowala kwambiri, umangopatsidwa 10 kuti ukope diso. Wojambula uja akasankha khoma loyera motuwirako ngati mkaka, diresi labuluu wakuda ndi mango achikasu chopsa, malangizo amakhala otere:

```
a woman selling mangoes at a market stall,
cream wall filling most of the frame,
deep indigo dress,
ripe orange-yellow mangoes as the only bright accent,
muted tones, soft overcast light
```

Manambala aja sanawalembe, poti makina ambiri sayeza magawo ngati telala ndi tepi yake. Wangonena m'mawu kuti khoma lidzaze mbali yaikulu ndipo mango okha ndiwo awale. Chachikulu n'chakuti mtundu uliwonse waumangirira ku chinthu chake. Akanangondandalika mitundu itatu kumapeto, makina akanaigawa okha, mwina khoma n'kukhala lachikasu. Dzina la mtundu nalo walisankha mosamala: `blue` ndi liwu lotambalala, lokwana thambo la masana ndi yunifolomu ya sukulu yomwe, pomwe `deep indigo` akuloza buluu mmodzi.

Mzere womaliza, wa kuwala, ambiri amauiwala. Dzuwa la madzulo limapaka chilichonse chikasu, moti khoma loyera lija lingafanane ndi mango. Kuwala kwa tsiku la mitambo kumasiya mitundu mmene ilili.

Ngakhale zitalembedwa bwino chonchi, vuto limodzi limakakamira, lomwe ndi kuchucha kwa mitundu. Monga chitenje chatsopano chimathimbiriza malaya oyera mu beseni limodzi, buluu wa diresi amatha kudumphira pa dengu kapena pa khoma. Kuzindikira n'kosavuta, munthu amangofufuza ngati pali chinthu chomwe chatenga mtundu wa chinzake. Nthawi zambiri mankhwala ake ndi kupatsa chinthucho mtundu wakewake, mwachitsanzo `pale straw basket`, komanso kuchepetsa zinthu zotchulidwa. Mitundu ikachuluka, makina amasokonezeka msanga.

Mitundu yolowerera osaitanidwa imathamangitsidwa padera. Mu Midjourney amawonjezera `--no pink, purple` kumapeto, pomwe mu Stable Diffusion pali bokosi la `negative prompt`. Kulemba `no pink` pakati pa malangizo n'kudziputira mavuto, chifukwa makina ena amangogwira liwu la pinkiyo n'kumubweretsa.

Ena amaika makhodi a mitundu monga `#1B2A6B` poganiza kuti akhoma msomali. Mapulogalamu ena atsopano amayesetsa kuwatsatira, koma akale ambiri amawawerenga ngati zilembo wamba. Ngati kampani ili ndi mtundu wake womwe sufunika kuphonya, wojambula amamalizitsa ntchitoyo pamanja mu Photoshop kapena GIMP.

Poyesa, wojambula wochenjera amasunga nambala ya `seed` imodzimodzi n'kumasintha liwu limodzi pa ulendo. Akachotsa `deep indigo` n'kuika `rust red`, chithunzi chimatsala chofananirako ndi choyamba, ndipo amaona ndi maso ake kuti diresi lofiira layamba kulimbirana diso ndi mango aja.